Chenjezo kwa Amene Mukusiya Mapiritsi Ogonetsa Tulo Mwadzidzidzi

Abale ndi alongo, ndalemba izi chifukwa ndatopa kumva anthu akuluakulu ndithu, ena mpaka a imvi ngati ine, akunyadira kuti anataya mapiritsi awo m'chimbudzi usiku umodzi ndipo anasonyeza kulimba mtima. Mapiritsi amene ndikunena ndi a gulu lotchedwa benzodayazepini, amene amaperekedwa kwa munthu wosowa tulo kapena wovutika ndi nkhawa. Odziwika kwambiri kwathu kuno ndi dayazepamu, amene ambiri amangowatchula kuti valiyamu, koma m'gulu lomweli mulinso lorazepamu, kolonazepamu, buromazepamu ndi alupurazolamu. Ngati mwakhala mukumwa amodzi mwa amenewa tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa mwezi umodzi, dziwani kuti kuwasiya kamodzin'kamodzi kukhoza kukugwetsani pansi mukuphupha ngati munthu wa khunyu, ngakhale kuti kumtundu kwanu kulibe matenda amenewa.

Ndikudzudzula poyamba inu amene mumamwa mankhwalawa, amene mumadzuka m'mawa wina n'kunena kuti kuyambira lero basi, osafunsa dokotala kapena wina aliyense wa kuchipatala. Kufuna kusiya n'kwabwino ndithu, pakuti mankhwala amenewa amayenera kumwedwa kwa masabata awiri mpaka anayi okha, ndipo akamwedwa kwa zaka amafooketsa mphamvu yokumbukira zinthu, amachititsa ngozi pamsewu ndiponso amagwetsa okalamba n'kuthyoka mafupa. Chimene ndikukana ndi kasiyidwe kake. Koma amene ndikuwadzudzula kwambiri ndi inu achibale, akazi, amuna, atsibweni ndi anzathu a kumpingo, amene mumalanda mapiritsi a munthu n'kuwabisa kapena kuwatentha, mukumuuza kuti akungofunika chikhulupiriro ndi khama. Pempherani naye, palibe akukuletsani, koma mapiritsi akewo musawakhudze, chifukwa simudziwa chimene mukuputa.

Chimene chimachitika m'thupi n'chosavuta kumva. Mu ubongo muli chinthu chimene ntchito yake ndi kukhazika pansi minyewa, ndipo madokotala amachitcha GABA. Tingachiyerekeze ndi mabuleki a njinga yotsika phiri. Mankhwalawa amawonjezera mphamvu ya mabuleki amenewo, n'chifukwa chake munthu amamva kupepuka mumtima ndipo tulo timabwera. Koma akamwedwa kwa miyezi, ubongo umazolowera, umafooketsa mabuleki ake achibadwa n'kuyamba kudalira a mankhwalawo. Tsiku limene mwachotsa mankhwalawo mwadzidzidzi, njinga ija imatsala pamtsetse yopanda choigwira. Minyewa imatakasuka mopitirira muyezo, ndipo kumeneko n'kumene kumachokera kunjenjemera, nkhawa yoopsa ndi kukomoka kophupha. Ubongo umatha kukonzanso mabuleki akewo, koma umatero pang'onopang'ono, kwa masabata ndi miyezi, ndipo palibe khama la munthu limene lingaufulumizitse.

Ndinaziona ndi maso anga kwa mphwanga, mwana wa mlongo wanga, bambo wa zaka za m'ma 40. Ntchito itamuthera anasowa tulo, anapatsidwa dayazepamu wa masiku ochepa, ndipo atatha anayamba kumagula yekha kwa munthu wina wogulitsa mankhwala amene sankafunsa chikalata cha dokotala. Patatha zaka zitatu ankamwa mibulu inayi ya mamiligalamu 5 patsiku, kutanthauza mamiligalamu 20, ndipo Loweruka ankathirirapo mowa. Mkazi wake atazitulukira anakwiya, ndipo mogwirizana ndi achibale ena anataya mapiritsi onse. Masiku atatu oyambirira palibe chinachitika, moti onse anayamba kunena kuti mwaona, panalibe vuto. Apa mpamene dayazepamu amapusitsira anthu. Mankhwala amenewa amatenga masiku angapo kuti atuluke m'thupi, choncho zizindikiro zimachedwa, nthawi zina sabata yathunthu kapena kupitirira apo, pamene mankhwala osakhalitsa m'thupi monga alupurazolamu ndi lorazepamu amayamba kuzunza munthu pasanathe tsiku limodzi kapena awiri.

Tsiku lachisanu manja ake anayamba kunjenjemera moti tiyi ankatayikira pansi asanafike pakamwa. Ankatuluka thukuta usiku kukuzizira, mtima unkagunda ngati wathamanga, sankagona n'komwe, ndipo kulira kwa wailesi ngakhale kuwala kwa dzuwa zinkamupweteka. Ankanena kuti pakhungu pake pakuyenda tinthu ngati nyerere. Zonsezi zinali belu lochenjeza, koma a pabanjapo anati ndi malungo, ena anati ndi manyazi chabe. Tsiku lachisanu ndi chiwiri anagwa pakhonde pafupi ndi mbaula yamoto, thupi linauma gwa kenako linayamba kuphupha, anadziluma lilime ndipo anapsa pamkono. Mwayi wake unali wakuti mnansi wina anali ndi galimoto.

Kuchipatala, mkazi wake atafotokoza zoona zonse, anamubwezera pa mankhwala omwewo pamlingo umene ankamwa kale. A pabanjapo anakhumudwa, ankaona ngati madokotala akumubwezera kuukapolo, koma imeneyo ndiyo inali njira yokhayo yoyambira bwino. Atakhazikika, anamulembera ndondomeko yotsitsa. Kawirikawiri madokotala amachotsa gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena locheperapo, la mlingo umene munthu akumwa pa nthawi imeneyo, ndipo amadikira masabata awiri mpaka anayi asanachotsenso. Kwa iye zinayenda motere: kuchoka pa mamiligalamu 20 anatsika kufika pa 18, patatha masabata awiri anafika pa 16, kenako 14, 12 ndi 10. Kuchokera pa 10 anayamba kuchotsa miligalamu imodzi yokha pa masabata awiri alionse mpaka anafika pa 5, ndipo kuchokera pamenepo ankachotsa theka la miligalamu. Ulendo wonse unatenga pafupifupi miyezi khumi.

Ndikufuna mumvetse chifukwa chimene masitepewo ankacheperachepera, pakuti apa mpamene ambiri amalakwitsa. Kuchotsa mamiligalamu 2 pa 20 ndi kuchotsa gawo limodzi mwa khumi, koma kuchotsa mamiligalamu 2 omwewo pa 4 ndi kuchotsa theka lonse la mankhwala, ndipo ubongo umamva ngati wakankhidwira kuphompho. Munthu akafika pa mbulu umodzi amayamba kudzitama kuti katsala n'kochepa, kangotayidwa, komatu mamiligalamu omalizawo ndiwo amavuta koposa. Mibulu ya mamiligalamu 5 imavuta kuigawa tizidutswa tating'ono tofanana, n'chifukwa chake muyenera kufunsa wopereka mankhwala ngati mibulu ya mamiligalamu 2 ikupezeka, ndipo ngati palibe, dokotala akuuzeni kadulidwe kake, osati muzingobenthula ndi mano kapena chikhadabo.

Mphwanga uja atafika pa mamiligalamu 7, panagwa maliro pabanja, tulo tinathawanso ndipo manja anayambiranso kunjenjemera pang'ono. Dokotala sanamukwezere mlingo, komanso sanamukakamize kutsika pa tsiku lolembedwa. Anamuuza kuti akhale pa 7 pomwepo kwa mwezi wathunthu mpaka thupi likhazikike, ndipo kenako anapitiriza. Kuthamanga sikufika, anatero akuluakulu, ndipo pa nkhani imeneyi mawuwo ndi oona ndendende. Ndondomeko yolembedwa papepala imatsatira mmene thupi likumvera. Zimene sizifunika ndi kudumphadumpha, lero mwamwa, mawa mwasiya, mkuja mwamwa mibulu itatu chifukwa mwavutika, pakuti kutero kumakweza ndi kutsitsa mankhwala m'magazi n'kusokoneza ubongo koposa.

Milingo imene ndatchulayi inali ya munthu mmodzi, ndipo ndikukuchenjezani kuti musaikopere n'kuyamba kudzitsitsa nokha. Mankhwala a gulu limeneli sali ofanana mphamvu ngakhale pang'ono. Miligalamu imodzi ya lorazepamu imafanana ndi pafupifupi mamiligalamu 10 a dayazepamu, ndipo theka la miligalamu ya alupurazolamu limafika pafupifupi pomwepo. Munthu amene akumwa kambulu kakang'ono ka alupurazolamu katatu patsiku akhoza kuganiza kuti akumwa zochepa, pamene thupi lake lazolowera mlingo waukulu. Nthawi zina dokotala amayamba wasamutsa munthu wotere pang'onopang'ono kupita pa dayazepamu, amene amakhalitsa m'thupi ndipo savuta kugawa, koma kusamutsako kumafuna kuwerengera kwa munthu wodziwa, makamaka kwa okalamba ndi odwala chiwindi amene dayazepamu amawaunjikana m'thupi. Amene muli ndi khunyu kale ndipo mumamwa kolonazepamu kapena ena otere chifukwa cha matendawo, komanso amayi oyembekezera, musasinthe kanthu kalikonse musanaonane ndi dokotala wanu.

Za mowa ndinene mosapsatira. Ena akaona manja akunjenjemera amathamangira kachasu kapena timabotolo tija, chifukwa mowa umagwira pa mabuleki omwe aja ndipo umatontholetsa kwa maola ochepa. Ukatha m'thupi kunjenjemera kumabwerera ndi ukali, ndipo chiopsezo cha kukomoka chimakula. Amene mumamwa mowa wambiri tsiku lililonse muuzeni dokotala zoona, chifukwa kusiya mowa mwadzidzidzi nakonso kumagwetsa munthu, ndipo kusiya zonse ziwiri pamodzi popanda woyang'anira n'koopsa kwambiri. Mutchulenso ngati mumamwa mankhwala ochepetsa ululu a tiramado kapena kodini, pakuti mankhwala amenewa akaphatikizana ndi ogonetsa tulo amatha kuimitsa mpweya munthu ali mtulo, ndipo tiramado payekha amathanso kuyambitsa kukomoka.

Tsono muzisiyanitsa zizindikiro. Nkhawa yapang'ono, tulo tosakhazikika, kupsa mtima msanga ndi kuwawa kwa minofu kwa masiku angapo mutangotsitsa mlingo ndi zinthu zoyembekezeka, ndipo zimazilala pakapita sabata imodzi kapena awiri. Muzingozilemba m'kope n'kukamuuza dokotala pa tsiku lanu. Zikamakula m'malo mozilala, makamaka kunjenjemera koonekera, thukuta lochuluka, kusanza, mantha osaugwira mtima ndi kusagona usiku wachiwiri kapena wachitatu motsatizana, pitani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku lolembedwa. Koma munthu akayamba kusokonezeka mutu, kubwebweta, kuona kapena kumva zinthu zimene palibe, kulankhula zofuna kudzipha, kapena akakomoka n'kuphupha ngakhale kamodzi kokha, imeneyo ndi ngozi, ndipo si nthawi yoitana msonkhano wa banja kapena kupita kwa sing'anga.

Akagwa pamaso panu, chotsani moto, madzi ndi zinthu zakuthwa pafupi naye, muikeni chovala chofewa kumutu, ndipo kuphupha kukangotha mugonekeni chammbali kuti malovu ndi masanzi zituluke. Musamupanikize manja ndi miyendo, musamulowetse supuni kapena chala m'kamwa monga ena amachitira, ndipo musamumwetse madzi kapena mapiritsi asanatsitsimuke bwinobwino. Yang'anani nthawi, pakuti kuphupha kopitirira mphindi 5, kapena kobwerezabwereza munthu asanatsitsimuke, kukhoza kupha. Popita kuchipatala nyamulani paketi ya mankhwalawo ngakhale ikhale yopanda kanthu, ndipo mukauze anamwino dzina lake, mibulu imene ankamwa patsiku, nthawi imene wakhala akumwa ndi tsiku limene anamwa komaliza, ngakhale atakhala kuti ankawagula mobisa.