Masiku aulere akatha, kukhala chete kwanu ndi "inde"

Maganizo anga ndi awa: tsiku labwino loletsera kulembetsa kwa masiku aulere ndi lomwelo limene mwalembetsa, foni ikadali m'manja. Ambiri amene amadulidwa ndalama sikuti anakopeka ndi apu. Amangoiwala, kapena amaletsa pamalo olakwika, kapena amachedwa ndi maola ochepa chabe.

Apu ikakupatsani masiku 7 kapena 30 oyesera koma n'kupempha nambala ya khadi la kubanki, zimene mukuvomera podina batani lija ndi kukhala kasitomala wolipira, amene malipiro ake oyamba angochedwetsedwa. Chilolezo chodula ndalama mwapereka kale tsiku loyambalo. Kampaniyo imasunga chilolezocho, ndipo tsiku likakwana kompyuta yawo imangodula yokha osafunsanso nambala yachinsinsi. N'chifukwa chake ena amadabwa kuti ndalama zatuluka bwanji iwo ali m'tulo. Nthawi zina pa tsiku lolembetsa mumaona kandalama kochepa, monga dola imodzi, katagwidwa kenako n'kubwezedwa. Kumeneko ndi kuyesa ngati khadilo lili lamoyo, ndipo kukuuzeni kuti njira yodulira yakonzedwa kale.

Makampaniwa amadziwa bwino kuti munthu amaiwala, ndipo amadalira kuiwalako. Sindikunena kuti ndi kuba, poti zonse zimakhala zolembedwa m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa batani. Koma musayembekezere kuti akukumbutsani mokweza.

Tiyerekeze kuti munthu watsitsa apu yophunzirira chinenero pa iPhone, Lolemba pa 3, nthawi ya 9 koloko usiku. Pa sikirini palembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti masiku 7 ndi aulere, kenako madola 5 pamwezi. Iye akuganiza kuti akaiwala ataya madola 5 okha. Koma m'munsi mwalembedwa kuti malipiro ndi a chaka chonse, choncho zimene zidzadulidwe kamodzi n'kamodzi ndi madola 60. Mapulani apachaka nthawi zambiri ndi amene amakhala osankhidwa kale mukafika pa tsambalo, ndiye muziyang'ana ndalama imene idzatuluke pa tsiku loyamba lolipira, osati imene yagawidwa pamwezi kuti ioneke yochepa.

Masiku ake 7 akutha Lolemba pa 10, 9 koloko usiku. Iye waika chikumbutso Lolemba lomwelo m'mawa, akudziona kuti wachenjera. Wachedwa kale. Apple imanena kuti muletse kukadali maola osachepera 24 nthawi yoyesera isanathe, chifukwa ndalama zimatha kudulidwa mkati mwa maola 24 omalizawo. Malire ake enieni anali Lamlungu pa 9, isanakwane 9 koloko usiku. Mawebusaiti ena amawerenganso tsiku motsatira nthawi ya dziko limene kuli kampaniyo, moti kwa iwo tsiku latsopano limatha kuyamba inu mukadali m'dzulo. Ngati mukufunadi kudalira chikumbutso, chiikeni masiku atatu m'mbuyo, kwa munthu uyu Lachisanu pa 7.

Vuto lalikulu kuposa la tsiku ndi la malo. Mumaletsa kulembetsa kudzera kwa amene akudula ndalama, ndipo ameneyo si nthawi zonse amakhala mwini apu. Mukalembetsa mkati mwa apu pa iPhone, wodula ndi Apple, ndipo mwini apu sangakuletsereni ngakhale mutamulembera makalata khumi. Pitani pa Settings, dinani dzina lanu pamwamba, kenako Subscriptions, sankhani apuyo n'kudina Cancel Free Trial kapena Cancel Subscription. Pa foni ya Android, tsegulani Play Store, dinani chithunzi cha akaunti yanu pakona, kenako Payments & subscriptions, Subscriptions, ndipo pomaliza Cancel subscription. Ngati munalembetsa pa webusaiti ya kampaniyo polemba nokha nambala ya khadi, m'malo awiriwa simupezamo kanthu. Muyenera kulowa pa webusaiti yomweyo n'kufufuza pa gawo la akaunti, kumene kawirikawiri kumalembedwa Billing kapena Membership.

Mwaiwala kumene munalembetsera? Risiti ya pa imelo imanena amene anaitumiza. Uthenga wa kubanki nawo umathandiza: zodulidwa ndi Apple zimaoneka ngati apple.com/bill, za Google zimayamba ndi GOOGLE*. Mukapeza mndandanda wa Subscriptions uli wopanda kanthu, musafulumire kusangalala. Mwina munalembetsa ndi akaunti ina ya imelo, makamaka pa foni imene muli maakaunti awiri.

Kufufuta apu pa foni sikuletsa chilichonse. Mgwirizano uli pa akaunti yanu, osati pa foniyo, ndipo ndalama zidzapitiriza kutuluka ngakhale foniyo itagwera m'madzi. Kusiya khadi lopanda ndalama nakonso ndi njira yosadalirika, chifukwa kompyuta yawo imayesanso kangapo m'masiku otsatira, ndipo tsiku limene mwaikamo ndalama za zinthu zina ndi limene imapambana. Ngakhale kusintha khadi sikuti nthawi zonse kumathetsa nkhani. Visa ndi Mastercard ali ndi njira yotumizira nambala yatsopano kwa makampani amene mumawalipira mobwerezabwereza, ngati banki yanu ili mu dongosololi.

Poletsa, musaime panjira. Makampani ambiri amaika masamba atatu kapena anayi: loyamba likufunsa chifukwa chimene mukuchokera, lachiwiri likukupatsani mtengo wotsika, lina likukupemphani kungopumira kaye. Batani la Pause limangoimitsa kwa kanthawi, ndipo nthawiyo ikatha kudula kumayambiranso kokha. Mwamaliza pokhapokha mawu pa akaunti asintha. Pamene panali Renews kapena Next billing date, kutanthauza tsiku lodulanso, payenera kuoneka Expires kapena Ends, kutanthauza tsiku lothera. Jambulani sikiriniyo, ndipo imelo yotsimikizira ikabwera muisunge. Umenewo ndi umboni wanu ngati ndalama zitadulidwabe.

Tsopano, kodi kuletsa tsiku loyamba sikukulandani masiku aulerewo? Pa mapulogalamu ambiri ayi, mumapitiriza kugwiritsa ntchito mpaka tsiku lomaliza, kenako zimangotseka zokha. Koma alipo ena amene amatseka nthawi yomweyo, ndipo Apple imachenjeza kuti zimenezi zikhoza kuchitika. Tsamba lomaliza musanatsimikize limanena kuti mudzasiya liti kugwiritsa ntchito, ndiye liwerengeni. Likanena tsiku la kutsogolo, letsani pompo. Likanena kuti zitha nthawi yomweyo, bwererani m'mbuyo n'kuika chikumbutso cha masiku atatu chija. Apu ikakusangalatsani, kulembetsanso ndi ntchito ya mphindi imodzi, ndipo palibe kampani imene idzakane ndalama zanu.

Ngati ndalama zadulidwa kale, yambani ndi kuletsa kuti zisadulidwenso, kenako pemphani kubwezeredwa, chifukwa kuletsa kokha sikubweza ndalama. Kwa Apple pempho limadzera pa reportaproblem.apple.com. Kwa Google Play mwayi umakhala waukulu mkati mwa maola 48 oyamba, ndipo akadutsa amakulozerani kwa mwini apu. Musaitsegulenso apuyo podikira yankho, ndipo lembani mwachidule tsiku limene munadulidwa, ndalama zake ndi nambala ya risiti. Kukadandaula kubanki kukhale komaliza, pamene muli ndi chithunzi chosonyeza kuti munaletsa nthawi isanakwane koma anadulabe. Popanda umboniwo kampani imangoonetsa tsamba limene munavomera tsiku loyamba, ndipo banki imagwirizana nayo.