Chithunzi cha khoma long'aluka sichifuna chizindikiro cha funso

Ndakwiya, ndipo mkwiyo wanga uli pa ife tomwe, Amalawi a kuno ku Joni amene tili pa gulu limodzi la WhatsApp. Lamlungu usiku bambo wina amene amachita lendi kachipinda ka kuseri kwa nyumba ku Rosettenville anaponya chithunzi pa gulupo popanda kulemba liwu ngakhale limodzi. Pachithunzipo panali khoma long'aluka, ndipo m'munsi mwake munkaoneka ngodya ya matiresi ndi nsapato ya mwana. Woyamba kuyankha anatumiza nkhope zoseka. Wachiwiri anati, "Joni wakukanani, bwererani kumudzi." Wachitatu, amene mwina ankadziona ngati wothandiza, analemba ndi zilembo zazikulu kuti bamboyo akupha ana ake chifukwa cha umbombo. Ena onse, anthu oposa zana, tinaona ndi kukhala chete, ndipo pasanathe ola chithunzicho chinali chitafufutidwa.

M'mawa mwake wina anadziteteza kuti, "Koma sanafunse kanthu." Sanafunse kanthu? Munthu wamkulu, wa banja lake, angadzuke usiku n'kujambula khoma la chipinda chimene amagona kuti ife tisirire utoto? Chithunzicho ndicho chinali funso. Iye anachita manyazi kulemba kuti ali ndi mantha, chifukwa mwamuna amene amatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi safuna kuti anthu akwawo adziwe mmene akugonera kuno, choncho anasiya khomalo kuti limulankhulire. Amene anaseka sanamve funsolo, amene anakalipa analimva koma anayankha ndi chibonga, ndipo ife amene tinakhala chete tinalimva bwinobwino n'kunamizira ugonthi.

Ine ndagwira ntchito ya zomangamanga zaka zambiri, ndipo mng'alu umene ndinauona pachithunzipo sunandisangalatse. Ming'alu ina ndi ya pulasitala chabe, yopyapyala ngati tsitsi, yomwazika uku ndi uku ngati ukonde wa kangaude, ndipo imeneyo imabwera simenti ikamauma, siigwetsa nyumba. Wa bamboyu unayambira pa ngodya ya pamwamba ya chitseko n'kukwera chopingasa, motsata mizere ya pakati pa njerwa ngati masitepe, ndipo kumwamba unali wotakasuka kuposa kumunsi. Mng'alu wotere nthawi zambiri umatanthauza kuti mbali imodzi ya maziko ikutitimira ndipo khoma likutsatira. Zifukwa zake n'zodziwika, madzi oima m'tsinde mwa khoma, dothi la makande, maziko osaya a zipinda zomangidwa mothamanga. Komabe chithunzi sichiuza munthu kukula kwenikweni kwa mng'alu, ndiponso sichinena ngati ukukulabe kapena unaima kalekale, n'chifukwa chake wokalipa uja analibe ufulu woweruza, monganso ife tinalibe ufulu wokhala chete.

Mwini chithunzi uja ndinamuimbira payekha, osati pa gulu. Nditamulonjera ndi kufunsa za amayi a kunyumba ndi ana, ndinati, "Achimwene, ndinaona chithunzi chija musanachichotse. Mng'alu umenewu mwauona kuyambira liti?" Anayamba ndi kuseka kwa manyazi, akuti analakwitsa potumiza, koma nditafunsa ngati chitseko chikutsekeka bwino, mawu ake anasintha. Anati chiyambire mvula ya Novembala chitseko chimakhula pansi, ndipo amachita kuchikankha ndi phewa. Ndinamupempha kuti atenge pensulo ya mwana wake aiyese pamene mng'aluwo watakasuka kwambiri, ndipo inalowa yonse. Pensulo ndi yonenepa pafupifupi mamilimita 7, pamene mng'alu ukapitirira mamilimita 5 amisiri sautenganso ngati nkhani ya utoto. Ndinafunsanso za kunja, ndipo anati pali mpopi womata kukhoma lomwelo umene wakhala ukudontha usana ndi usiku, moti pansi pake pamera ndere.

Pamenepo m'pamene ndinamuuza zoona, mosakuluwika koma mosamuopseza. Ndinati sindinganene pa foni kuti khomalo ligwa liti, kapena ngati ligwa n'komwe, koma zizindikiro zitatu zimenezi zikakumana, ine ana anga sindingawagoneke pamenepo. Ndinamupempha kuti usiku womwewo asunthire matiresi ku khoma la mbali ina. Ndinamuuza kuti alembe kamzere pamene mng'aluwo wathera, kumwamba ndi kumunsi, alembepo tsiku, ndipo aziyang'ana pakatha masiku angapo, makamaka mvula yamphamvu ikagwa, chifukwa mng'alu wodutsa kamzereko ndi mng'alu wamoyo. Ayang'anenso pamene mitanda ya denga yakhala pakhomapo, popeza khoma likasuntha mtanda umatsala utagwira pang'ono, ndipo malata otsindikizidwa ndi njerwa ndi matayala amakhala katundu wolemera pamutu pa anthu ogona. Khoma likayamba kutupa kapena kupendekera, mchenga ukayamba kuyoyoka wokha kapena akamva kuthetheka usiku, atuluke nthawi yomweyo osadikira kucha. Ndinamuletsa kumata simenti pamng'alupo, chifukwa kutero n'kubisa chilonda, ndipo ndinamuuza kuti atumizire eni nyumba zithunzi ndi uthenga wolemba, wopempha kuti mpopi ukonzedwe ndiponso kuti abwere munthu wodziwa za kulimba kwa nyumba, osati wopaka utoto.

Zonsezi zinatenga mphindi khumi zokha. Palibe mawu amene ndinanena omwe munthu wina aliyense wa pa gulupo sakanatha kunena, ngakhale wosadziwa za njerwa, chifukwa kufunsa kuti "ana akugona mbali iti?" sikufuna sukulu. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma anati kutsina, sanati kudula khutulo. Ukamuchititsa munthu manyazi pagulu amafufuta chithunzi, koma mng'alu sufufutika, umatsala pomwepo pamwamba pa mwana, ndipo tsiku lina ukadzakula sadzatumizanso kanthu. Ukakhala chete poopa kulowerera za eni, iye amaganiza kuti anthu zana aona ndipo palibe chodetsa nkhawa. Kodi taiwala kale kuti mu Meyi 2024 nyumba imene inkamangidwa m'tauni ya George, kuno ku South Africa, inagwa n'kupha anthu 34, ena mwa iwo Amalawi anzathu? Nthawi imeneyo tinasonkha ndalama za maliro mwachangu ndithu, ndipo pa zamaliro gulu lathuli silichedwa, koma munthu wamoyo akationetsa khoma timamutumizira nkhope zoseka.

Nanunso eni nyumba ndili nanu mawu. Mumalandira lendi pa 1 mwezi uliwonse osaphonya, koma wokhalamo akakuonetsani mng'alu mumamuyankha kuti ngati sakufuna atuluke, pali ena khumi akudikira chipindacho. Mumadziwa kuti ambiri mwa ife timaopa kupita ku Rental Housing Tribunal, bwalo lomva madandaulo a lendi, ngakhale kuti kudandaula kumeneko n'kwaulere, chifukwa cha nkhani ya mapepala, ndipo mantha amenewo mwawasandutsa bizinesi. Mwini nyumba wa ku Rosettenville uja wayankha uthenga dzulo. Watumiza mnyamata ndi chitini cha utoto woyera, ndipo mpopi uja mpaka pano ukudonthabe.