Kalata yofunsira masitazi: owerenga akufuna kuona pomwe munakakamira

Maganizo anga ndi awa, amene akhumudwe andikhululukire. Makalata ambiri omwe abale athu kuno ku Joni amalemba pofunsira malo a onazi kapena masitazi ku mayunivesite a Wits ndi UJ amakhala okoma m'khutu koma opanda kanthu m'kati. Ndawerengako angapo a anzathu a kutchalitchi ndi a kuntchito, ndipo amayamba mofanana ngati analembera pa tebulo limodzi: kuyambira ndili mwana ndakhala ndikulakalaka kuthandiza anthu, sukulu yanu ndi yotchuka pa dziko lonse, ndikufuna kukatukula dziko langa la Malawi. Zonsezi zikhoza kukhala zoona. Vuto ndi loti wa ku Zambia, wa ku Lesotho ndi wa ku Soweto alembanso zomwezo, ndipo mphunzitsi yemwe ali ndi mulu wa makalata patsogolo pake sapeza chokusiyanitsirani ndi enawo.

Njira yodziyesera ndi yapafupi. Tengani chiganizo chilichonse m'kalata yanu, chotsani dzina la yunivesite muikepo la ina, chotsani dzina la phunziro muikepo lina. Chikamvekabe bwinobwino, chiganizocho sichikugwira ntchito, chifufuteni. Ambiri akachita zimenezi amatsala ndi mizere iwiri yokha, ndipo mpamene ntchito yeniyeni imayamba.

Ndipereke chitsanzo cha mchemwali wina yemwe anandilola kufotokoza nkhani yake osatchula dzina. Anagwirapo ntchito ya zaumoyo m'boma lina la m'mbali mwa nyanja nthawi ya kolera ija inayamba mu 2022 nkupitirira mpaka 2023, ndipo ankafuna masitazi ya kafukufuku wa kafalidwe ka matenda ku sukulu ya zaumoyo ya Wits, ku Parktown. Kalatayo inali m'Chingerezi, koma ndime yoyamba inkanena izi: mtima unandisweka poona anthu akuvutika ndi kolera, ndipo ndinatsimikiza kuti ndidzapereka moyo wanga polimbana ndi matenda. Ndinamufunsa kuti, achemwali, Lolemba m'mawa mukafika pa ofesi munkachita chiyani kwenikweni?

Apa ndiye nkhani inatuluka. Ankalandira malipoti kuchokera kwa alangizi a zaumoyo, nkumalemba wodwala aliyense pa mndandanda mu Excel: zaka zake, mudzi, tsiku lomwe anayamba kutsegula m'mimba, komwe amatunga madzi. Ataona mndandandawo anazindikira kuti odwala ambiri akuchokera m'midzi yotunga madzi kunyanja, ndipo anapita nazo ku msonkhano. Kumeneko wina anamufunsa funso lomwe linamusowetsa chonena. Midzi yomweyo ndi imenenso ili pafupi ndi chipatala, ndiponso ndi ya anthu ambiri. Kodi odwala achuluka chifukwa cha madziwo, kapena chifukwa a pafupi amafika msanga nkulembedwa pomwe a kutali amadwalira kunyumba osawerengedwa? Analibe chiwerengero cha anthu a m'mudzi uliwonse choti agawire, ndipo sankadziwa njira yolekanitsira zifukwa ziwirizo.

Chomwe komiti yosankha ophunzira ikufuna kuwerenga ndi chimenechi, ndipo m'kalata yoyamba munalibemo ngakhale pang'ono. Tinalembanso ndimeyo motere: nthawi ya kolera ya 2022 ndi 2023 ndinkasunga mndandanda wa odwala m'dera langa. Ndinaona kuti ambiri akuchokera m'midzi yotunga madzi kunyanja, koma sindinathe kusonyeza ngati chifukwa chake ndi madziwo kapena kuyandikira kwa chipatala. Ndikufuna kuphunzira kakonzedwe ka kafukufuku woyerekeza odwala ndi osadwala a m'dera limodzi, komanso masamu owerengera zinthu zingapo pamodzi, kuti funso lotere ndizitha kuliyankha.

Mwaona kuti mulibe mawu oti ndimakonda kapena ndine wodzipereka. Komabe wowerenga akuona yekha kuti munthuyu anagwira ntchito ndi manja ake, amadziwa malire a zomwe akudziwa, ndipo ali ndi funso lomwe likhoza kusanduka kafukufuku wa masitazi. Ambiri timaopa kulemba pomwe tinalephera, timati ationa opepera. Kwa ine mbali imeneyi ndiyo yamphamvu kuposa zonse, chifukwa munthu amene amadziwa kale zonse alibe chifukwa chobwerera ku sukulu.

Ndime yonena chifukwa chomwe mwasankhira yunivesite imeneyo imafuna kuti muchite khama pang'ono. Tsegulani mndandanda wa maphunziro a dipatimentiyo, muone mayina enieni a makosi a chaka chimenecho, musankhe awiri okha omwe akuyankha vuto lanu, ndipo munene kuti akuliyankha bwanji. Mchemwaliyu anatchula kosi ya masamu a zaumoyo nkuilumikiza ndi mndandanda wake uja, basi. Mukafuna kutchula mphunzitsi, yambani mwawerenga pepala lake limodzi mpaka kumapeto, ndipo mutsimikize kuti akadali pa sukulupo. Kutamanda munthu yemwe anachoka kale, kapena yemwe amafufuza za matenda a shuga inu mukukamba za kolera, kumaulula kuti dzinalo munangolitola. Mbiri ya yunivesite ndi kutchuka kwake musalembe, eni ake amazidziwa.

Pali chizolowezi chathu china chomwe chimatipweteka. Tinaleredwa kuti kunena kuti ine ndinachita ndi kudzitama, ndiye kalata yonse imangoti tinachita, tinathandiza, gulu lathu linakwanitsa. Ulemu umenewu ndi wabwino pamudzi, koma komiti siikusankha gulu. Nenani gawo lomwe linali lanu, ngakhale likhale laling'ono: ine ndinkalowetsa manambala, ine ndinapeza kuti odwala ena analembedwa kawiri. Osadzikuza kupyola pamenepo, chifukwa kalata ya bwana wanu wakale ikanena zina, kapena akakuitanani kukakufunsani, bodza silichedwa kuonekera.

Nkhani ya umphawi nayo ndinenepo, ngakhale ena sagwirizana nane. Kuyenda wapansi mtunda wautali kupita ku pulayimale, kusowa fizi, kuwerenga ndi koloboyi, zonsezo zinachitikadi ndipo ndi zolemekezeka. Malo ake ndi m'kalata yopempha thandizo la ndalama, komwe amafunsa za mavuto anu. M'kalata ya maphunziro ziloweni pokhapokha zikulumikizana ndi funso lanu, ndipo chiganizo chimodzi chikwana. Chimodzimodzi zaka zomwe mwakhala kuno mukugwira ntchito mu lesitilanti ku Rosebank kapena ya ulonda ku Midrand: musazibise, musazipepesenso. Nenani kuti munkagwira ntchito yotani ndi zomwe munachita kuti mutu usachite dzimbiri, monga kosi yaifupi yomwe munamaliza.

Gawo lomaliza, la zomwe mudzachite mukamaliza, ndi pomwe mawu okoma m'khutu aja amabwereranso. Kukatukula dziko si ntchito yomwe munthu angalembedwe. Mchemwali uja analemba kuti akufuna kubwerera ku ntchito yolondoloza matenda pa boma, kukakonza kuti malipoti a alangizi azibwera pamodzi ndi chiwerengero cha anthu a m'mudzi uliwonse. Ndi chinthu chaching'ono, koma wowerenga akhoza kumuona akuchichita.

Za kutalika, tsatirani malire omwe dipatimenti yanena, ndipo ngati sananene, tsamba limodzi ndi theka ndi lokwanira. Amene muli ndi digiri ya kumudzi, yambiranitu za SAQA, bungwe lounika mapepala a maphunziro ochokera kunja kwa South Africa, pomwe mukulemba kalatayi, chifukwa kuunika mapepala kumatenga nthawi, ndipo tsiku lotsekera mafomu silidikira kuti satifiketi yawo ituluke.