Masabata awiri a aphunzitsi a zamasewera si ulesi ayi

Makolo anzanga a pagulu la WhatsApp la kusukulu, kuyambira Lachinayi madzulo mwakhala mukuwadya miseche aphunzitsi a zamasewera chifukwa cha kalata yawo ija. Ine ndaiwerenga mofatsa ndipo ndili kumbali yawo, ngakhale pali zinthu ziwiri zomwe zikusowamo.

Kwa inu amene kalatayo inathera m'chikwama cha mwana, nkhani yake ndi iyi. Mpikisano wothamanga womwe unayenera kuchitika Lachisanu lapitali unalephereka chifukwa cha chimvula chomwe chinagwa usiku wa Lachitatu mpaka Lachinayi masana. Bwalo linadzaza madzi, mizere yonse inafufutika. Aphunzitsi akuti mpikisanowo uchitika Lachisanu patatha masabata awiri, ndalama za zakumwa zomwe tinasonkha zisungidwa, ndipo ana akhalabe m'mahausi awo a mpikisano omwe aja.

Ndaona kuti palibe amene akutsutsa zoti mpikisano unayenera kuimitsidwa. Chomwe chakuwawani ndi masabata awiriwo. Mayi wina analemba kuti Lachisanu lomwelo dzuwa linawala mpaka zovala zinauma pachingwe, ndiye bwanji osangochita Lolemba? Funsolo ndi lomveka, koma bwalo siliuma ngati malaya.

Lusaka wathuyu anakhala pamalo athyathyathya, ndipo mbali yaikulu ya mzindawu, makamaka kumwera ndi kumadzulo, pansi pake pali thanthwe la mwala wa laimu lomwe lili pafupi kwambiri ndi nthaka ya pamwamba. Mvula ikagwa masiku otsatizana mu Januwale ndi Febuluwale, madzi a pansi amakwera, ndiye a pamwamba amasowa kolowera komanso kotsetserekera. N'chifukwa chake ku Kanyama, ku Misisi ndi ku Chawama zithaphwi zimatha masabata zili phee, kumwamba kuli mbee. Bwalo la sukulu yathu ndi dothi lomwe ana analipondaponda zaka ndi zaka mpaka linalimba, ndiye madzi salowa msanga. Dzuwa la tsiku limodzi limangoumitsa kachikhungu ka pamwamba. Pansi pake pamakhala pali phala.

Kachikhungu kameneko ndi komwe kamapusitsa munthu woona bwalo ali kuseri kwa mpanda. Mukafuna kudziwa zoona, pitani pokhotera pa njira yothamangamo, osati pakati pa bwalo. Pondani ndi chidendene mwamphamvu, mupotokole phazi. Chidendene chikalowa, kapena dothi likasuntha n'kusiya ponyezimira madzi, bwalolo silinapse. Tapani dothi la pansi pa kachikhunguko, mulifumbate. Likaumbika n'kukakamira m'manja osafumbutuka, dikirani. Mwana wothamanga mamita 200 amalowa pokhotapo ali paliwiro lonse, thupi litapendekera mkati, kulemera kwake konse kuli paphazi limodzi. Phazilo likaterereka, bondo kapena kakolo ndi zomwe zimabinya, ndipo ambuyo amagwera pa iye. Ana athu ambiri amathamanga opanda nsapato, ena ndi nsapato zansalu zomwe pansi pake panatha kalekale. Si nsapato zamisomali zomwe mumaona kwa katswiri wothamanga Muzala Samukonga pa wailesi yakanema.

Kunena za mapazi opanda nsapato, madzi osefukira sabwera okha. Amakokolola magalasi osweka, mawaya, zitini, komanso zochokera m'zimbudzi zokumba za m'makomboni ozungulira. Tisaiwale msanga kuti mu 2024 kolera inachititsa kuti sukulu zomwe zinayenera kutsegulidwa mu Januwale zitsegulidwe pa 12 Febuluwale, ndipo bwalo la National Heroes linasanduka chipatala cha odwala matendawa. Madzi akaphwa, pamafunika ana akuluakulu atavala nsapato ayende mondondozana bwalo lonse akutola zinyalala, ndipo dzuwa liwombe dothilo bwinobwino, mwana asanaloledwe kugwada ndi manja pansi poyambira mpikisano.

Tsono tifike pa mizere, pomwe ndikuona kuti ambiri simudziwa kukula kwa ntchito yake. Njira yothamangamo yozungulira bwalo imakhala mamita 400, ndipo kanjira ka wothamanga mmodzi kamakhala mita 1.22 m'lifupi. Tinene kuti aphunzitsi ajambula tinjira 6. Pamafunika mizere 7, ndipo uliwonse ndi wa mamita pafupifupi 400 kapena kuposerapo, poti ya kunja imatalika. Werengerani nokha: ndi mamita oposa 2,800, pafupifupi makilomita atatu a laimu wothiridwa pamanja, munthu atawerama, chitini chobowola chili kumanja, akutsatira chingwe. Chimvula chija chinatsuka zonsezo usiku umodzi.

Kuthira laimuko si komwe kumavuta kwenikweni. Chovuta ndi kuyeza. Pokhotera amakhoma chikhomo, n'kumangapo chingwe, n'kuzungulira nacho kuti mzere ukhote mofanana. Zikhomo zikazuka kapena kusuntha m'matope, kuyeza kumayambiranso. Ndiye pali poyambira pa wothamanga aliyense. Pa mpikisano wa mamita 400, wa m'kanjira kachiwiri amayambira mamita 7 patsogolo pa wa m'kanjira koyamba, ndipo otsatirawo amaonjezerapo mamita pafupifupi 7 ndi theka aliyense, chifukwa wa kunja amazungulira mtunda wautali. Pa mamita 200 kusiyanako kumakhala theka lake. Aphunzitsi akachita mothamanga n'kuphonya ndi mita imodzi yokha, mwana wa m'kanjira kena wathamanga mtunda wautali kuposa anzake, ndipo inu nomwe mukudandaula lero ndi amene mudzayambe kukuwa kuti hausi ya mwana wanu yaberedwa. Komanso laimu sathiridwa padothi lonyowa. Amasungunuka, n'kusanduka matope otuwa, mzere osaoneka. Thumba lina la laimu ligulidwe, bwalo liume kaye masiku angapo popanda mvula, kenako tsiku lathunthu kapena awiri ojambula. Lolemba lanulo likanakwana bwanji?

Dzenje lodumphiramo nalonso lili ndi zake. Mchenga ukamwa madzi umagwirana n'kulimba, moti mwana akatera amamva ngati watera pasimenti. Pamafunika kuukumba ndi makasu, kuutembenuza, kuusiya uume, ndi kuona ngati thabwa lopondapo podumpha silinasunthe kapena kuterera. Zoponya nthungo pa udzu wonyowa sindinena n'komwe.

Ena mwati sukulu ikanangobwereka bwalo la OYDC kumsewu wa Great North, komwe njira yake ndi ya labala ndipo madzi sakhalitsa. Ganizo labwino kwa sukulu za ndalama. Kwa ife, werengerani mabasi onyamula sukulu yonse kupita ndi kubwera, kuphatikiza cholipira bwalolo, kenako mukumbukire mmene tinavutikira kusonkha za zakumwa zokha.

Tsiku lomwe anasankhalo silinangotoledwa. Masewera othamanga amachitika temu yoyamba, ndipo opambana pasukulu ndi amene amakapikisana ndi sukulu zina za m'zoni, kenako kuboma. Choncho aphunzitsi sangakankhire mpikisano ku Epulo komwe mvula imakhala itatha, chifukwa mayina a ana amafunika nthawi isanakwane, ndipo osankhidwawo amayenera kukonzekera limodzi, makamaka a mpikisano wopatsirana kamtengo. Kumayambiriro kwa Malichi kulinso matchuthi awiri oyandikana, la amayi pa 8 ndi la achinyamata pa 12, ndipo masiku amenewo ana ambiri amakhala otanganidwa ndi zoguba. Mpata womwe watsala ndi wochepa, ndipo masabata awiriwo akutifikitsa nthawi yomwe mvula imayamba kupumira masiku angapo pakati. Ine ndikuona kuti anawerengera bwino.

Choyamba chomwe chikusowa m'kalatamo ndi ichi: sinanene chomwe chidzachitike mvula ikadzagwanso. Tikadali m'dzinja, ndipo palibe mphunzitsi amene angalonjeze kumwamba. Kalata yotere imayenera kunena ola lenileni lomwe chigamulo chidzaperekedwe, mwachitsanzo 5 koloko madzulo a Lachinayi aphunzitsi atayendera bwalo, ndi njira yomwe uthengawo udzadzere. Gulu la WhatsApp lokha silikwanira, chifukwa pali agogo olera adzukulu omwe foni zawo ndi zamabatani. Iyeneranso kutchuliratu tsiku lina losungira. Ambirife timagwira ntchito zoti ukajomba tsiku, malipiro a tsikulo apita. Kupempha abwana kawiri n'kovuta kale, kachitatu amayamba kukuyang'ana ndi diso lina. Amayi ogulitsa zitumbuwa ndi munkoyo pachipata nawonso amagula ufa ndi mafuta dzulo lake, ndipo sabata yathayi ena anatsala nazo m'mabeseni. Uthenga wa madzulo umawapulumutsa, wa m'mawa umapeza mafuta ali kale pamoto.

Mzere winanso womwe ndikanakonda kuuona ndi wonena za mphezi, chifukwa mvula ya kuno imakonda kubwera masana mpikisano uli pakati, bwalo litadzaza ana. Pamenepo makolo timakakamiza kuti angomaliza, kwangotsala mipikisano iwiri. Pali kawerengedwe kosavuta komwe aliyense angachite. Phokoso la bingu limayenda pafupifupi kilomita imodzi pa masekondi atatu. Mukaona ching'aning'ani, yambani kuwerenga mpaka mumve kugunda. Mukafika 15, mpheziyo ili pa makilomita 5. Kuwerengako kukapanda kufika 30, ndiye kuti ili mkati mwa makilomita 10, ndipo pamtunda umenewo ikhoza kugwera pabwalo ngakhale dontho limodzi lisanagwe. Ana onse alowe m'makalasi, osati pansi pa mtengo, osati pansi pa tenti ya mapaipi achitsulo ija timakhalamo alendo olemekezeka, osati pafupi ndi magolo kapena mpanda wa waya. Ndipo sabwerera pabwalo mpaka patatha mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Likagundanso, kuwerenga kumayambira pomwepo. Zikanalembedwa m'kalata, mphunzitsi woimba wezulo yoimitsa mpikisano sakanafunika kukangana ndi bambo wina amene mwana wake ali pamzere woyambira.

Ndawalembera aphunzitsiwo kumbali, mwaulemu, kuwapempha kuti aonjezere mizere iwiriyo m'kalata yokumbutsa ya sabata ya mawa. Andiyankha kuti akambirana ndi aphunzitsi aakulu. Anenanso kuti Loweruka likubwerali, kukapanda kugwa mvula, ayamba kukhoma zikhomo ndi kutembenuza mchenga wa m'dzenje kuyambira 7 koloko m'mawa, ndipo manja ndi ochepa. Amene muli ndi khasu, wilibala kapena chingwe chachitali, bwerani nazo. Tepi yoyezera ya mamita 50 ikufunikanso, ya sukulu inaduka chaka chatha.