Musalengeze nsonga ya phiri lomwe simunakwere

Mwana wa achemwali anga akulemba kafukufuku wake womalizira sukulu, ndipo Loweruka anabwera ndi laputopu kunyumba kuno ku Kasungu. Anayendera alimi 40 a ku Chamama, nalemba matumba a feteleza omwe aliyense anathira pa ekala ndi matumba a chimanga omwe anakolola.

Poyamba anajambula mzere woongoka, koma sunkagwirizana ndi madontho. Kwa othira pang'ono ndi othira kwambiri mzere unkadutsa pamwamba pa madontho, pakati n'kudutsa pansi. Mukaona zotere dziwani kuti ubalewo ndi wokhota, ndipo mlimi aliyense amadziwa chifukwa chake: thumba loyamba limasintha munda, lachitatu silionjezera zambiri. Ndiye mu R, pulogalamu ya pakompyuta yochitira masamu a kafukufuku, anaika feteleza kawiri, wachiwiriyo atamuchulukitsa ndi iye mwini:

```
lm(zokolola ~ feteleza + I(feteleza^2))
```

Musaiwale I() ameneyo. Popanda iye R sachulukitsa kanthu, amangokubwezerani mzere woongoka womwe uja osadandaula n'komwe.

Zinatuluka motere: y = 8 + 9x − 1.5x², pomwe y ndi matumba a chimanga ndipo x ndi matumba a feteleza. Nambala ya pa x² ili ndi chizindikiro chochotsera, choncho mzere ukukwera kenako n'kuwerama ngati phiri. Nsonga yake imapezeka ndi x = −b/(2c), pomwe b ndi nambala ya pa x ndipo c ndi ya pa x², apa ndiye 9 kugawa ndi 3, matumba atatu. Thumba loyamba likuonjezera chimanga matumba 7.5, lachiwiri 4.5, lachitatu 1.5 basi. N'chifukwa chake 9 uja sawerengedwa payekha ngati phindu la thumba lililonse.

Mpaka apa ndinakondwa naye. Chomwe chinandivuta ndi chiganizo chomwe anali atalemba kale, choti mlimi akapyola matumba atatu zokolola zimatsika.

Ndinamufunsa kuti, "Iwe, wothira kwambiri mwa alimi akowa anathira angati?"

Anayang'ana, nati, "Awiri ndi theka, amalume."

Ndiye kutsikako anakuona kwa yani? Palibe mlimi ngakhale mmodzi amene anafika pa atatu. Masamu a x² ndi otero, akangoyamba kukhota amayenera kutembenuka penapake, kaya munda ukuvomereza kaya ayi. Mwina zokolola zimangofika poima osatsika. Madontho ake akusonyeza kuti phindu la feteleza likunka licheperachepera, ndipo zimenezo angazinene molimba mtima. Zoti kuseri kwa phiri kuli chiyani, alibe umboni.

Maganizo anga ndi akuti aliyense wolemba za nsongayi azionetsanso nambala yaing'ono ndi yaikulu ya x, ndi kuchuluka kwa anthu omwe ali mbali iliyonse ya nsongayo. Ngati kuseri kuli awiri okha, chotsani awiriwo muone ngati kukhotako kutsale. Zimandikhudza chifukwa ziganizo zoterezi zimakathera m'kamwa mwa mlangizi, ndipo wozimva ndi mayi amene wagulitsa mbuzi kuti apeze thumba limodzi.

Chiganizo chija anachifufuta tili pakhonde pomwepo.