CHENJEZO KWA OGULITSA MAFONI: CHITHUNZI CHIMODZI CHAMUMDIMA SI MALONDA

Ana inu tamverani kuno, makamaka inu amene mukugulitsa mafoni ogwiritsidwapo kale ntchito pa WhatsApp ndi pa Facebook. Khalidwe ili loponya chithunzi chimodzi, foni ili mukava, sikirini yozimitsa, mwajambulira pabedi usiku ndi kababu kofiira, kenako mwalemba kuti foni ili bhobho yopanda vuto tumizani ndalama, likutha liti? Munthu ali ku Mzuzu inu muli ku Lilongwe, sangaigwire, sangaitembenuze, maso ake ndi zithunzi zanuzo basi. Ndiye akapempha china mumapsa mtima ati akukutayitsani nthawi, ngati sakufuna asiye. Ayi bambo, amene mukufuna ndalama za mwini ndinu, onetsani katundu.

Choyamba vulani kava. Ine ndikaona foni yojambulidwa ili mukava ndimadziwiratu kuti pali chimene chikubisika, paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Kava imabisa makona, pomwe makona ndi amene amanena mbiri yonse ya foni. Foni ikagwa kawirikawiri imafikira pakona, ndipo pamatsala kudinda kapena utoto kusupuka. Ndiye jambulani makona onse anayi pafupi, lililonse palokha, osati kujambula awiri abwinowo n'kusiya lomwe linamenya simenti. Pulotekita nayonso ngati ili yosweka ichotseni, chifukwa wogula sangadziwe ngati mng'aluwo uli pagalasi lapamwamba kapena pasikirini penipeni, ndipo mawu oti ndi pulotekita chabe iyo tawamva kokwana, ena ataichotsa anapeza mng'alu uli pompo.

Jambulani masana, pakhonde kapena pafupi ndi windo, osati padzuwa lenileni chifukwa galasi limanyezimira n'kubisa zonse. Fulashi zimitsani. Pukutani kamera ya foni imene mukujambulirayo ndi kansalu, zithunzi zambiri zachifunga zija vuto si kamera koma mafuta a zala, mwadya chipisi n'kugwira foni. Ikani katunduyo patebulo poyera popanda maluwamaluwa, dinani pasikirini pomwe mukufuna paoneke bwino, mudikire mpaka pawale ndiye mujambule. Mukayandikitsa kwambiri kamera imalephera kugwira, bwererani pang'ono.

Tsopano apa ndi pamene ambiri mumachita dala. Chithunzi chojambula molunjika pamwamba sichionetsa zokanda, galasi limaoneka losalala ngakhale litakandika ndi makiyi m'thumba chaka chonse. Foni izimitseni sikirini, muipendeketse kuti kuwala kwa pawindo kudutse chammbali pagalasipo, apo ndiye timizere tonse timatuluka. Chimodzimodzi kumbuyo. Ndiye pakhale china chojambulira m'mbali, foni yagona chagada patebulo kamera ili molingana ndi tebulolo, mbali zonse ziwiri zazitali. Chithunzi chimenechi anthu amachinyoza koma ndi chimene chimaulula batire yotupa. Batire ikayamba kutupa imakankha chivundikiro chakumbuyo kapena sikirini, pamaoneka kampata kakang'ono pakati pa galasi ndi felemu, mwina mbali imodzi yokha. Chimaululanso foni yopindika chifukwa chokhalira m'thumba lakumbuyo, komanso sikirini yosinthidwa, poti yoikidwa pamsika nthawi zambiri imatukuka pang'ono pamwamba pa felemu ndipo m'mphepete mumatsala guluu wakuda. Batire yotupa si nkhani yamasewera, imatha kuyaka moto, ndiye mukumugulitsa mwana wa mwini kuti azigona nayo pansi pa pilo?

Ndikupatseni chitsanzo. Mphwanga wina amafuna kugula Samsung Galaxy A51 kwa mnyamata wina mtauni, anamutumizira zithunzi ziwiri, foni yoyaka ili ndi chithunzi cha maluwa okongola pasikirini, china chakumbuyo. Anandionetsa ndinati usatumize kanthu, muuze atsegule chithunzi choyera mbee chidzadze sikirini yonse, akweze kuwala mpaka kumapeto ajambule, kenako atsegule chakuda bii ajambulire m'chipinda chamdima. Chifukwa chake ndi ichi. Foni imeneyi imabwera ndi sikirini ya mtundu wa AMOLED, ndipo sikirini yotere ikamaonetsa chakuda imakhala ngati yazima, siwala konse. Zotchipa zomwe amaika amisiri ambiri ndi za LCD, zimenezi zili ndi nyali kuseri kwake ndiye chakuda chimaoneka chotuwa, chikuwala mumdima. Chithunzi chitabwera sikirini yonse imawala motuwa, ndipo kamzere kakuda kam'munsi mwa sikirini kanali kakakulu kuposa mmene kamakhalira pa yeniyeni. Titamufunsa kuti atumize kavidiyo akutsegula foni ndi chala, poti A51 chala umadinda pasikirini pomwepo ndipo ndi sikirini zotchipazi nthawi zambiri sizitheka, ndi pomwe anavomera kuti inasweka anasinthitsa. Sikuti foni yosinthidwa sikirini sigulitsidwa ayi, imagulitsidwa, koma mtengo wake ndi wina ndipo wogula adziwe. Mphwanga uja anaigulabe atatsitsirana.

Chithunzi choyera chija ntchito yake ndi ina. Chimaonetsa madontho akuda, mizere yobiriwira kapena yapinki, malo achikasu, komanso kupsa kwa sikirini, pomwe umaona chithunzithunzi cha kiyibodi kapena timabatani tam'munsi titatsalira ngakhale watsegula zina. Pa maluwa okongola aja zonsezi sizioneka, n'chifukwa chake akamberembere amakonda kujambula foni ili ndi chithunzi chamitundumitundu. Pa ma Samsung ambiri mukaimba *#0*# pamatuluka timabokosi toyesera, mudina RED, GREEN, BLUE sikirini yonse imasanduka mtundu umodzi, jambulani pamenepo. Ndipo chonde, izi zijambulidwe ndi foni ina. Sikirinishoti siithandiza chilichonse apa, imatuluka yoyera bwino ngakhale galasi litasweka pakati, chifukwa imajambula zomwe foni ikuganiza kuti ikuonetsa osati zomwe diso likuona. Anthu akuluakulu ndithu kutumiza sikirinishoti ati onani sikirini ilibe vuto, zamanyazi.

Kunsi kwa foni nakonso. Jambulani pafupi polowetsa tchaja, kuwala kulowe mkati, tione ngati muli dzimbiri, zobiriwira kapena kalilime kamkati kopindika. Pa iPhone pambali pa bowolo pali timasikuluwu tiwiri, tikakhala tokandika mitu kapena kamodzi kasowa ndiye kuti munalowa munthu. Tulutsani kathireyi ka simu, muunike m'bowomo ndi tochi. Pa ma iPhone ndi ma Samsung ambiri muli kachizindikiro koyera komwe kamasanduka kofiira kapena pinki kakakhudzana ndi madzi. Foni yogwera mundowa imatha kugwira ntchito bwinobwino milungu ingapo kenako n'kufa yokha dzimbiri litadya mkati, ndiye kachithunzi kameneka musakaone kuchepa. Magalasi a kamera yakumbuyo nawo pafupi, tione mng'alu, fumbi kapena nthunzi mkati.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi yakuti foni ili pachithunziyo ndi yanudi, ndipo ili m'manja mwanu lero? Poti ena mumangotola zithunzi pa intaneti, mumazidziwa nokha, zoyera kumbuyo ngati zam'sitolo, kapena mumatenga za mnzanu amene anagulitsa kale. Wogulitsa wachilungamo alembe ndi bolopeni pakapepala tsiku la lero ndi liwu lomwe wogula wamuuza, aike pambali pa foni yoyaka ajambule pamodzi. Kenako imbani *#06# pamatuluka nambala ya IMEI, yomwe ndi nambala yozindikirira foni iliyonse payokha, manambala 15, foni ya masimu awiri imaonetsa ziwiri. Jambulani sikiriniyo foni yonse ikuoneka, ndipo ngati bokosi lilipo liikeni pambali pomwe pali sitika kuti wogula afananize yekha. Ma iPhone ambiri akale nambalayi inalembedwanso pakathireyi ka simu, ma Samsung ambiri ndi timalemba ting'onoting'ono kumbuyo chakumunsi. Zikasiyana pali nkhani, mwina anasintha chikhokho, mwina bokosi ndi la ina, mwinanso zoposa apo. Chithunzi cha IMEI musachiponye pagulu, mutumizireni wogula yekha kumbali.

Lowaninso mu Settings pa About phone tione dzina lenileni la foni, ndi pa Storage tione kukula kwake, chifukwa pakamwa aliyense amati 128 GB, ikafika ndi 64. Wa iPhone ajambule pa Battery Health pomwe pali Maximum Capacity, ikatsika pansi pa 80% dziwani kuti mukugula ndi ntchito yosintha batire. Ajambulenso pamwamba penipeni pa Settings pooneka kuti akaunti yake ya iCloud watulukamo, wa Android naye achotse akaunti ya Google asanafufute foni. Ambiri alira ndi mafoni ochokera ku Joni okongola ngati atsopano, ukayatsa ikufunsa imelo ndi pasiwedi ya munthu amene simudzamuona.

Potumiza musangoponya mwachizolowezi, WhatsApp imafinya zithunzi kuti zipepuke ndiye wogula akati akuze aone kona zimangosanduka phala. Dinani HD kapena tumizani ngati Document. Mudandaula bandulo? Mukugulitsa chinthu cha ndalama zambirimbiri, bandulo ya zithunzi khumi ndi kangati. Musasinthenso mitundu kapena kupaka zosalalitsa zija mumapaka pankhope zanu.

Inunso ogula ndikudzudzuleni, chifukwa ulesi wanu ndi umene ukuwalera anthuwa. Mukangoona mtengo wotsika mutu umaima, akakuuzani kuti pali wina akuifunanso fulumirani, mwathamangira kale pa Airtel Money kapena Mpamba musanafunse ngakhale chithunzi chakumbuyo. Zithunzi zikabwera musangoona kukongola, zifananizeni. Kukanda komwe kuli pakona yakumanja pachithunzi choyamba kukuonekanso pa chachitatu? Tebulo ndi lomwelo? Dzanja ndi lomwelo? Mukapeza chimodzi chajambulidwa pamkeka china pa matailosi, mtundu wa foni ukusiyanako pang'ono, mwina mukuonetsedwa mafoni awiri. Ndipo mbali imene wogulitsa akuizemba, mwapempha kawiri akungotumiza zina, vuto lili kumeneko.

Dziwaninso kuti chithunzi chili ndi malire. Sichingakuuzeni ngati sipika ikulira bwino, ngati maiki ikumveka, ngati netiweki ikugwira, ngati pali malo ena pasikirini osamva chala, kapena ngati foni imatentha n'kuzima yokha. Pamenepo pemphani kavidiyo kamodzi kosadula: aonetse kapepala kaja, alowetse simu, aimbe foni, alowetse tchaja tione ikulowa moto popanda kugwiririra chingwe, agwire kachizindikiro ka pulogalamu imodzi akakoke kuzungulira sikirini yonse osakasiya, kakathawa pachala ndiye kuti pamalopo pafa. Mafoni achinyengo ena amanama ngakhale mu Settings, ndiye ngati ndalama ndi zambiri tumani m'bale wanu amene ali mtauni yomweyo akaigwire ndi manja, ayerekeze IMEI ndi yomwe ili pachithunzi chija, ndiye mulipire isanakwere basi.