Mphaka saluma mwadzidzidzi, amayamba wachenjeza kaye

Anzanga oweta amphaka, pali dandaulo limene ndimalimva kawirikawiri: "Anabwera yekha, n'kukhala pamiyendo panga, ndikumusisita bwinobwino, kenako basi wandiluma. Mphaka ameneyu ndi wachiwembu." Ine sindigwirizana nazo. Mphakayo amakhala atanena kale kangapo kuti zakwana, kungoti amanena ndi mchira, makutu ndi khungu, pamene ife maso ali pa foni.

Chimene chimachitika m'thupi mwake n'chosavuta kumvetsa. Patsinde pa ubweya wa mphaka pali timitsempha timene timamva kukhudza ngakhale kochepa kwambiri. Dzanja likadutsa koyamba ndi kachiwiri, zimamukomera. Likapitiriza kudutsa pamalo omwewo mobwerezabwereza, kukoma kuja kumasanduka kunyansa, mwinanso kuwawa. N'chimodzimodzi ndi kugirigishidwa: poyamba umaseka, koma wokugirigishayo akapanda kukusiya umafika pokankha dzanjalo ndi mphamvu, ngakhale ali munthu amene umamukonda. Mlingo wake umasiyana. Amphaka ena amalola kusisitidwa nthawi yaitali, ena amatopa msanga, makamaka amene sanagwidwegwidwe ndi anthu ali ana, pakati pa masabata 2 ndi 7 chibadwire, nthawi imene mwana wa mphaka amazolowera dzanja la munthu.

Malo amene tikusisitawo alinso ndi gawo lalikulu. Amphaka ogwirizana akamanyambitana, kawirikawiri amanyambitana kumutu ndi m'khosi. Ife timayambira pamutu n'kutsetsereka msana wonse mpaka patsinde pa mchira. Kafukufuku wa Sarah Ellis ndi anzake wa ku yunivesite ya Lincoln, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti kusisita patsinde pa mchira ndi kumene kumabweretsa zizindikiro zambiri zosonyeza kusakondwa. Malo amene amphaka ambiri amalola bwino ndi m'masaya, pansi pa chibwano, ndi pakati pa diso ndi khutu, pamene pamatuluka kafungo kamene amapaka pa zinthu akamadzikhula. Pamimba ndiye posayesa dala. Mphaka akagona chagada n'kuonetsa mimba, akusonyeza kuti ali womasuka pamaso panu. Sakupempha dzanja. Mukaika dzanja pamenepo, ambiri amalikumbatira ndi miyendo yakutsogolo, n'kumalipalasa ndi yakumbuyo, mano ali momwemo.

Tiyerekeze kuti mphaka wakwera pamiyendo panu madzulo. Akukhula mutu wake padzanja lanu, maso ali otsinzina pang'ono, pakhosi pakumveka kamkokomo kaja ka prrr. Mchira wagona phee. Mwayamba kumusisita kuchokera pamutu mpaka kumchira. Chizindikiro choyamba chimaonekera kunsonga kwa mchira: kansonga kaja kamayamba kugwedezeka pang'onopang'ono. Apa mpamene muyenera kusiya. Mukapitiriza, khungu la pamsana pafupi ndi mchira limayamba kunjenjemera lokha, ubweya n'kumayenda. Kenako makutu, amene anali olozera kutsogolo, amatembenukira m'mbali kapena kumbuyo. Kamkokomo kaja kamatha, thupi limauma gwa, ndipo mchira wonse umayamba kumenya pamwendo panu, phwa, phwa. Kamwana ka diso kamakula mpaka diso kuoneka lakuda. Chomaliza, amatembenuza mutu msanga n'kuyang'ana dzanja lanu. Akafika pamenepa, chotsatira ndi mano.

Kwa mphaka wina zonsezi zimatenga mphindi ndithu, kwa wina timasekondi tochepa chabe, ndipo si onse amene amaonetsa zonse. Ena amangonyambita mphuno, kapena kuyamba kudzinyambita paphewa mofulumira, kapena kupukusa mutu. N'chifukwa chake ndimati munthu aphunzire mphaka wake, adziwe chimene chimayamba kuoneka pa iyeyo. Ndipo kamkokomo ka pakhosi kasatipusitse. Amphaka amachita prrr akasangalala, komanso amachita akamamva ululu kapena akakhala ndi nkhawa. Ngati pakhosi pakulira koma mchira ukumenya, khulupirirani mchira.

Njira imene ine ndimaikhulupirira ndi yomufunsa mphaka yemweyo. Tambasulani chala pafupi ndi mphuno yake, adzabwere yekha. Akadzikhula, mukandeni pang'ono m'saya kapena pansi pa chibwano kwa masekondi 3 mpaka 5, kenako chotsani dzanja ndi kudikira. Akakankha mutu wake padzanja lanu, akufuna zina, mupatseni. Akangokhala osachita kanthu, kapena akayang'ana kumbali, wakhuta. Ambiri zimativuta kuvomereza kuti mphaka akhoza kufuna kukhala pamiyendo pathu chifukwa cha kufunda ndi kukhala pafupi nafe, osafuna kugwidwa n'komwe. Musiyeni akhale, manja anu ali pambali.

Nanga mukachedwa, mano n'kufika pakhungu? Musasolole dzanja mwamphamvu. Chinthu chothawa chimamuutsa mtima wosaka, amagwiritsitsa, ndipo khungu limang'ambika kwambiri. Liumitseni dzanjalo, nthawi zambiri amalisiya yekha. Kenako imirirani pang'onopang'ono kuti atsike, osamunyamula, ndipo musamugwirenso mpaka mtima wake utakhala pansi. Kumumenya, kumukalipira kapena kumuthira madzi n'kumene ndimadana nako kwambiri, chifukwa kumamuphunzitsa kuti dzanja la munthu ndi loopsa. Mphaka woopa dzanja amafulumira kuluma kuposa kale, ndipo amene machenjezo ake sanamvedwepo amasiya kuchenjeza.

Bala la mano a mphaka musalipeputse chifukwa cha kuchepa kwake. Mano ake ndi oonda ndi osongoka, amalowetsa tizilombo mkati, pamwamba n'kutsekeka msanga. Kachilombo ka Pasteurella multocida, kamene kamapezeka m'kamwa mwa amphaka ambiri, kamatha kutupitsa dzanja tsiku lisanathe. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15. Ngati khungu labooka, makamaka padzanja kapena pafupi ndi mfundo za zala, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira kuti patupe, pafiire kapena patuluke mafinya. Akakufunsaninso za katemera wa kafumbata. Ngati mphakayo sanabayidwe katemera wa chiwewe, kapena simukumudziwa, nenani zimenezo kuchipatalako ngakhale bala likhale laling'ono chotani.

Zonse ndanenazi zikukhudza mphaka amene chikhalire amatopa msanga ndi kusisitidwa. Nkhani imasintha ngati mphaka amene kale ankakonda dzanja wayamba kuluma posachedwapa, kapena akuluma nthawi iliyonse mukakhudza malo amodzi. Pamenepo ganizirani za ululu. Mphaka wokalamba amadwala nyamakazi m'chiuno ndi mumsana, ndipo mudzaona kuti wasiyanso kudumphira pamalo okwera. Utitiri umayabwitsa kwambiri patsinde pa mchira; patulani ubweya pamenepo, mukaona timadontho takuda kapena tinkhanambo, ndi umenewo. Dzino lowawa kapena khutu lodwala zimachititsa kuti akane ngakhale kukandidwa m'saya. Chotupa chobisika pansi pa ubweya, chotsalira pa ndewu ndi mphaka mnzake, chimamveka chofunda ndi chofewa mukachikhudza. Mphaka wotere safunika kuphunzitsidwa khalidwe, pitani naye kwa dokotala wa ziweto, ndipo mukamuuze malo enieni amene amaluma mukawakhudza ndi nthawi imene zinayamba.